Sabata Imene Ndinafuna Kusinthanitsa Munda wa Mlongo Wanga

Chaka chimene ntchito yanga inatha ku esiteti ya fodya kuseri kwa Madisi, ndinabwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi miyendo yosafuna kukhala pansi. Ndinagwira ukapitawo zaka zambiri. Ndinazolowera kulawirira, kuzungulira minda ya matenanti, kukalipa apa, kuloza apo. Tsopano ndinalibe womukalipira. Nkhuku za mkazi wanga zinandidziwa msanga, zikangondiona zinkathawira pansi pa nkhokwe. Ndinakonza khola limene silinawonongeke, ndinasuntha thandala kawiri, mpaka mkazi wanga anandipempha kuti ndikavutitseko anthu ena.

Ndinapeza wovutitsa. Mlongo wanga, wopondana nane, anali wamasiye, ndipo ankakhala ndi mwana wake wamkazi mmodzi wa Fomu Fili. Chakudya chawo chonse chinkachokera pa kamunda kamene anatisiyira mayi, kumunsi kwa mudzi, m'mphepete mwa kamtsinje kotsika m'mapiri a ku Ntchisi. Ine wozolowera minda yoti ukaima uku sungamve wokuitana uko, kamundako kankandichititsa manyazi. Ndinkati ndi mphasa, osati munda.

Ndiye panali bambo wina wa mudzi woyandikana nafe, mnzanga wa kumpingo, amene anali ndi munda waukulu pachitunda, njira yopita ku Bowe. Iye ankafuna malo a madzi kuti azilima tomato ndi anyezi wokagulitsa ku Dzaleka. Tinakumana potuluka m'tchalitchi, tinacheza, ndipo tisanafike pamphambano tinali titagwirana chanza. Iye atenge kamunda ka kumtsinje akangokolola mlongo wanga zimene zinalimo, ife titenge wa pachitunda. Anandiuza kuti chaka chimenecho anatulutsamo ngolo zitatu za chimanga. Kwa mlongo wanga zinatuluka ziwiri. Kwathu kuno munda timauyesa ndi ngolo, ndipo zitatu zimaposa ziwiri ngakhale kwa mwana wa Sitandade Wani.

Ndinakamuuza mlongo wanga ndili chiimire pabwalo pake. Ndine mwinimbumba, sindinapite kukapempha, ndinapita kukadziwitsa. Anali kupeta mphale. Anaima pang'ono, n'kuti, "Mwatero, achimwene," n'kupitiriza kupeta. Ine ndinamva ngati wathokoza. Tinapangana kuti Loweruka la sabata yotsatira abwere akuluakulu a mbali zonse ziwiri ndi nduna ya amfumu, aone malire, nkhani ithe.

Munali kumapeto kwa Sepitembala, dzuwa likuswa mtengo, kamvulumvulu akunyamula mapesi m'minda. Lolemba masana ndinapita kwa mlongo wanga popanda chifukwa chenicheni. Ndinapeza mwana wake atakhala pakhonde, kope pamiyendo, maso atatsinzina, akubwereza mawu a Chingerezi ngati akuloweza katekisimu. Lachisanu anali ndi mayeso a zaulimi.

"Ukupemphera kapena ukuwerenga?" ndinamufunsa.

"Ndikuloweza, atsibweni. Aphunzitsi angotilembetsa notsi, akuti tikawerenge tokha."

"Ukuzimva?"

"Kuloweza sikulira kumva."

Zimenezo zinandipsetsa mtima. Mwana wobadwira m'mizere, zala zake zakuda ndi dothi, n'kumaloweza ulimi ngati chinenero cha kutsidya la nyanja! Ndinamulanda kope lija. Kunena zoona ndinasangalalanso, chifukwa ndinapeza woti andimvere.

Tsamba loyamba linali la feteleza. Ndinamuuza kuti atseke kope, andiuze chimene amayi ake amachita chimanga chikangomera. Anati amaboola pambali pa phando ndi kamtengo, n'kuthiramo feteleza wodzaza kachitsekerero ka botolo, n'kukwirira.

"Ndi zimenezotu," ndinatero. "Feteleza ndi chakudya cha mbewu. Uja wa m'thumba amapangidwa ku fakitale. Woyamba ndi wokulitsa, amathandiza mizu kuti igwire ndi mmera kuti ukule. Pakatha masabata atatu umabwera ndi wobereketsa, yureya uja woyera ngati mchere, chimanga chibiriwire ndi kubereka bwino. Bwanji amayi ako sathira patsinde penipeni?"

"Chimapsa."

"Bwanji amakwirira?"

"Sindidziwa. Amangokwirira."

"Ukamusiya pamtunda, mphamvu yake imauluka ndi dzuwa, wina amapita ndi madzi a mvula. Lemba zimenezo m'mawu ako."

Analemba, kenaka n'kuloza mzere wina. Ankafuna kudziwa chifukwa chake notsizo zikuti manyowa nawonso ndi feteleza. Ndinamuuza kuti onse ndi chakudya cha mbewu, koma amasiyana kagwiridwe. Wa m'thumba amagwira msanga n'kutha chaka chomwecho, ndipo dothi amalisiya mmene analipezera. Manyowa amagwira pang'onopang'ono, koma amafewetsa nthaka, amaithandiza kusunga chinyezi, ndipo ukamathira chaka ndi chaka dothi lenilenilo limasintha. Ndinalankhula bwino tsiku limenelo, ndinadzimva ndekha. Pobwerera kunyumba ndinkaimba mluzu.

Lachiwiri sindinadikire kuti aweruke bwinobwino. Ndinamuchingamira panjira, yunifomu ili m'thupi, n'kumufunsa kuti lero tili pati. Anati pa kompositi.

"Kompositi suwerengera pakhonde. Tiye kudimba."

Ndiulule pano kuti chibwerere ku esiteti, kamunda kaja ndinali ndisanakapondemo. Ndinkangokaona patali podutsa pa njinga. Titafika ndinapeza mulu wautali ngati m'chiuno mwanga, womata ndi dothi mbali zonse, pamwamba pali kabowo. Pambali pake panali dzenje lodzaza, lofunditsidwa ndi udzu. Mlongo wanga anali chakumunsi, akupalira mpiru. Anatiweyulira dzanja osaweramuka.

"Ichi n'chiyani?" ndinamufunsa mtsikana uja.

"Chimato cha amayi."

"Munaikamo chiyani?"

Anawerenga pa zala. Mapesi oduladula pansi, kenaka masamba aawisi ndi makoko a nyemba, kenaka ndowe za mbuzi ndi zitosi za nkhuku, phulusa pang'ono, madzi, n'kuyambiranso mpaka mulu utakwera.

"Ndiye ukuloweza chiyani? Kompositi ndi ameneyu. Zinyalala za kumunda ndi za kukhola, zosanjikiza bwino, zonyowetsa, kuti ziwolerane zisanduke chakudya cha mbewu. Solola kamtengo ako kali pakatiko."

Anasolola, n'kukagwira. Anati n'kozizira.

"Pamene munangomata kankatentha?"

"Kwambiri. Amayi ankati mulu wadwala malungo."

"Kutentha kuja ndiye kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tikugwira ntchito yowoletsa. Kumaphanso njere za udzu. N'chifukwa chake kompositi amaposa ndowe zaziwisi, zimene zimawotcha mbewu n'kukubweretsera udzu m'munda. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mulu ukazizira, ndiye kuti wapsa."

Ndinaboola pambali n'kutapa. Anali wakuda bii, wofumbutuka, wonunkhira ngati pansi pa mitengo ya m'nkhalango. Ku esiteti sindinaonepo wokoma choncho. Kenaka, mwa chizolowezi cha ukapitawo, ndinawerama n'kutapanso dothi la mumzere. Linali lofanana ndi la m'dzanja linalo, mwina kuwalirako pang'ono. Chala chinalowa chonse osalimbana nacho. Ndinafunsa kuti amayi ake anayamba liti zimenezi. Anati chimwalirire bambo ake, iye ali Sitandade Wani. Ndinasasa m'manja msanga n'kunena kuti tizipita, kunja kukutentha.

Tsiku limenelo sindinaimbe mluzu. Chakudya chamadzulo ndinachipeza cholakwa, mpando ndinaupeza wopendama. Mkazi wanga anandifunsa ngati ndalumidwa ndi linthumbu.

Lachitatu ndinaganiza zosapitako. Ndinatenga njinga kupita kumsika kukagula chingwe chimene sindinkachifuna, koma pobwerera njinga inakhotera yokha kwa mlongo wanga. Mtsikana uja anali atandidikirira, ndipo tsopano ndiye ankafunsa ngati wapolisi.

"Irigeshoni, atsibweni."

"Mthirira. Kupatsa mbewu madzi ndi manja ako pamene mvula kulibe kapena yachepa. Keni ija umasenza ndi mthirira. Pampu yopalasa ndi miyendo ndi mthirira. Ngalande ija amayi ako anapatutsa kumtunda kwa mtsinje, madzi n'kumayenda okha kulowa m'mabedi, ndi mthirira, ndipo ndi wotsika mtengo kuposa yonse chifukwa madzi amangotsata kutsetsereka kwa malo."

"Ubwino wake? Akuti titchule zitatu."

"Umakolola kawiri kapena katatu pa chaka pa malo omwewo. Ng'amba ikagwa pakati pa dzinja umapulumutsa mbewu. Ndiwo sizisowa pakhomo."

Analemba mofulumira. Kenaka, osadzutsa mutu, anafunsa ngati kumunda watsopano wa pachitunda kudzakhalenso ngalande. Ndinamuuza kuti madzi sakwera phiri, ndiponso kuti funso limenelo pamayeso silibwera. Ndinamukalipira kuti zolemba zake n'zopindika ngati mapazi a nkhuku. Sizinali zopindika.

Mawu amene anandigwetsa anabwera Lachinayi. Mtsikana uja anawatchula movutikira, yildi, n'kunena kuti amenewa ndiye osavuta, ndi zokolola basi.

"Zokolola basi? Ukalemba choncho akupatsa theka la malikisi," ndinatero, ukapitawo utandikweranso. "Munthu akakuuza kuti wakolola matumba makumi awiri, usamuwombere m'manja msanga. Umufunse kuti pa malo aakulu bwanji. Mawu amenewa amatanthauza zokolola poyerekeza ndi kukula kwa munda, matumba angati pa ekala, kapena makilogalamu angati pa hekitala. Ku esiteti tenanti wodzitama ndi mabelo ambiri tinkayamba tamuyezera munda. Ena ankapezeka kuti ndi alimi a pakamwa, munda waukulu, zotuluka zochepa."

"Ekala mumaidziwa bwanji popanda tepi?"

"Mapazi. Munthu wamkulu akaponda motalikitsa, makumi asanu ndi awiri uku, makumi asanu ndi awiri uko, imeneyo ndi ekala, kaya kuposerako pang'ono kaya kuchepera."

"Ndiye tiyeni tikayeze wa amayi, ndikhale ndi chitsanzo."

Ndikanatha kukana. Koma ndinali nditadzitama kale, ndipo pansi pa mtima ndinkafuna kudziwa chimene ndinkachiopa. Tinatsetsereka. Ine ndinkaponda, iye ankawerenga mokweza. M'litali munakwana makumi asanu ndi awiri, m'lifupi makumi atatu ndi asanu. Theka la ekala. Ndinafunsa kuti ngolo ziwiri zija atatonola zinatuluka matumba angati. Anati thwelofu, matumbawo anawasoka yekha. Anawerengera pachikuto cha kope.

"Ndiye kuti pa ekala ndi twente-folo. Ndakhoza?"

"Wakhoza."

"Nanga wa pachitunda?"

"Kwada."

Dzuwa linali likadali pamwamba pa mitengo. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali, kenaka ndinangoyamba kuyenda, iye pambuyo. Chitunda chimenecho ndinachikwera ngati ndikuthamangitsa mbava. Pamene ndinagwirana chanza ndi mnzanga uja, munda wake ndinali nditangouona kuchokera pamsewu, ndipo unandikomera chifukwa maso ankatopa usanathe. Tsopano ndinaupondamo. Dothi lofiira, louma gwa, miyala yoyera ili mbuu, ndipo pakati panadutsa kachigwembe kamene madzi a mvula anakumba. Mapesi otsala anali oonda ngati bango. M'mizere munali timitengo touma ta kaufiti, amene amakonda nthaka yoguga.

Ndinaponda. Handiredi fote m'litali, sevente m'lifupi. Maekala awiri. Ngolo zitatu, tikati iliyonse matumba sikisi monga za mlongo wanga, ndi eyitini. Mtsikana uja anagawa pawiri.

"Naini pa ekala," anatero motsitsa mawu. "Koma eyitini imaposabe thwelofu, eti atsibweni?"

Ankandipatsa pothawira, mwana wa ulemu. Ndipo zinali zoona, eyitini imaposa thwelofu. Koma ine ndi amene ndinamuphunzitsa sabata yonse, ndipo mutu wanga unapitiriza wokha masamu amene iye anawaleka. Kuti atuluke matumba sikisi owonjezerawo, mlongo wanga azilima malo ochuluka kanayi ndi khasu lake limodzi lomwelo. Azipeza matumba anayi a feteleza chaka chilichonse, awiri okulitsa, awiri obereketsa, pamene kumtsinje ankangogula wa pambale chifukwa manyowa anali atagwira kale ntchito. Feteleza ameneyo pa dothi lotsetsereka ngati ili, theka lake azipita ndi madzi. Chilimwe kulibe mpiru, kulibe chimanga chachiwisi, kulibe kukolola kachiwiri. Mnzanga uja sanandinamize ngakhale mawu amodzi. Anati ngolo zitatu, ndipo zinalidi zitatu. Wosafunsa ndinali ine.

Ndinachita manyazi, ndipo manyazi anga amatuluka ngati ukali. Ndinamuuza mwanayo kuti azipita kwawo akawerenge, asamangoyendayenda m'minda ya eni.

Lachisanu ndinadzuka ndi maganizo khumi. Ndipite kwa mnzanga uja ndikabweze mawu. Ayi, munthu wamkulu sabweza mawu, mudzi wonse wamva kale, akuluakulu aitanidwa. Mwina ndimuthandize mlongo wanga kulima pachitundapo. Ndi msana uti? Ndinatulutsa njinga, ndinaibweza. Ndinanola chikwanje chakuthwa kale. Pomaliza ndinati ndikaonenso munda uja m'mawa, mwina dzulo ndinauona ndi maso otopa.

Pakati pa chitunda ndinapeza munthu akukwera patsogolo panga, dengu pamutu, akuponda pang'onopang'ono. Ndinamuzindikira ndi chitenje. Anali mlongo wanga. Ndinamutsatira osamuitana mpaka m'munda muja. Pakona ya kumunsi, kuseri kwa chulu kumene dzulo sitinafike, panali milu ing'onoing'ono yakuda, yofunditsidwa ndi udzu kuti isaume. Anatula dengu, n'kukhuthula, n'kutembenuka. Thukuta linali litalemba mizere pankhope yake.

"Ukutani kuno?" ndinafunsa, ngati sindikuona.

"Ndikusamutsa manyowa, achimwene. A m'dzenje ndatsala pang'ono kumaliza. Chimato ndiyamba mawa akapita alendo."

"Wayamba liti?"

"Lachitatu. Mwana akapita kusukulu."

Ndinawerenga milu ija. Inali khumi ndi isanu ndi umodzi. Kuchokera kumtsinje kufika pamenepo ndi mtunda woti mwamuna wopanda katundu amapumira kawiri.

"Awa ndingathe kusenza," anatero akupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. "Koma aja ndakhala ndikuthira zaka zonsezi analowa pansi. Amenewo adyera anzanuwo."

Sananene mokwiya. Akanakwiya bwenzi zitandipepukira, chifukwa kukangana ndimakutha. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo chimwalirire mayi athu, ndipo pakamwa panga panatuluka chopusa.

"Bwanji sunandiuze kuti sukufuna?"

"Munandifunsa?"

Loweruka anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango kumtsinje, akuluakulu anayi, nduna ya amfumu, ndi mnzanga uja atavala jekete la kutchalitchi. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndinaimirira asanayambe kuyenda m'malire, ndinavula chipewa, n'kunena kuti ndinalakwa, ndinapereka munda umene sindinauyeze ndiponso mwini wake wolimamo sindinamufunse, choncho mawu anga ndikuwabweza. Mnzanga uja anati anali atafesa kale nazale ya tomato podalira chanza changa, ndipo ankanena zoona. Mkulu wina anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, anthu n'kuseka, ine ndili chiimire ndi chipewa m'manja. Anandigamula kuti ndipereke nkhuku ziwiri zopepesera, ndiponso ndimupezere mnzangayo pobzala tomato wake chaka chimenecho. Ndinamupatsa kadimba ka mkazi wanga, ndipo zimene ndinamva kunyumba tsiku limenelo sindizilemba pano. Mpaka lero bamboyo tikakumana kutchalitchi amandipatsa moni wa nsonga za zala.

Anthu atabalalika ndinapita pamene panali mlongo wanga. Nthawi yonseyi anali atakhala kumbuyo pamodzi ndi mwana wake. Ndinkayembekeza kuti mwina alira, mwina athokoza. Ndinali nditakonzeratu mawu oti ndiyankhe modzichepetsa.

"Munda ndi wako," ndinatero. "Palibe akuchotse."

Anagwedeza mutu. Anadzuka, n'kulowa m'kachisakasa kake ka m'dimba, n'kutulukamo ndi dengu lija ndi nkhata yansanza. Anandiika zonse ziwiri m'manja.

"Milu ija ili sikisitini, achimwene," anatero. "Muyambe kubweza kuno manyowa a kuseri kwa chulu aja, dzuwa lisanawaumitse."